Malikisi a masamu a mwana wanga akungokwera n'kutsika, ndidziwa bwanji ngati akupita patsogolo?

TateWaAwiri
Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yatikanganitsa ndi mayi akunyumba kuyambira Lachisanu. Mwana wathu wamkazi wamaliza Fomu 1. Kusukulu kwawo amalemba mayeso a masamu katatu pa teremu, awiri apakati ndi ena otsekera. Mapepala onse ndinkasunga, ndipo malikisi ake pa 100 ndi awa.

Teremu yoyamba: Okutobala 41, Novembala 55, Disembala 39.
Teremu yachiwiri: Febuluwale 50, Malichi 47, Epulo 58.
Teremu yachitatu: Meyi 46, Juni 62, Julayi 52.

Kuyambira Januwale ndakhala ndikumulipirira patitaimu kwa aphunzitsi ena apafupi. Ine ndikuti ndalama zikungopita m'madzi, chifukwa mu Novembala asanayambe patitaimu anapeza 55, lero watsekera chaka ndi 52. Mayi ake akuti ayi, anayamba ndi 41 ndiye wakwera ndi 11. Mphwanga wina akuti ndijambule mzere pa galafu ndione komwe ukulowera. Mzere umenewu ndi wodalirika? Chaka chamawa alemba JCE, ndikufuna ndidziwe ngati ndipitirize kulipira kapena ayi.

Kabaza_wa_pa_Ntcheu
Bambo, 62 kufika pa 52 ndi kutsika basi. Mulandeni foni mwanayo.

TateWaAwiri
Foni alibe, achimwene. Imene ndikulembera panoyi ndi yokhayi panyumba.

NaPhiriWaKuDedza
Inu ndi amayi nonse mukunena zoona, koma aliyense watola manambala awiri omukomera. Inu mwatola 55 ndi 52, iwo atola 41 ndi 52. Ine ndikatola 39 wa Disembala ndi 62 wa Juni ndinena kuti mwana wakwera ndi 23, mumuphere nkhuku. Pa mayeso 9 mukhoza kutolamo awiri onena chilichonse chimene mtima wanu ukufuna. Mphwanuyo wakuuzani bwino, mzere uja ntchito yake n'kuti mayeso onse alankhule pamodzi.

Chiwerengero47
Ndimagwira ntchito yowerengera zokolola za makalabu a alimi, ndiye mizere yotereyi ndimajambula kawirikawiri. Tiyeni tiujambule ndi manambala anu omwewa.

Tengani pepala la galafu, kapena la m'kope la masamu lija la timabokosi. M'munsi lembani 1 mpaka 9, kuimira mayeso aja monga anatsatirana. Chokwera lembani malikisi. Ikani kadontho pa mayeso aliwonse. Musalumikize timadonthoto, chifukwa mukalumikiza mungoona mano a sowo, ndipo ndi mano omwewo amene akukuzunguzani mutu. M'malo mwake mukufuna mzere umodzi woongoka wodutsa pakati pa timadontho tonse.

Mzerewu uyenera kudutsa pa malo amodzi odziwika: pa mayeso apakati, achisanu, pamalikisi a avereji. Malikisi onse kuphatikiza ndi 450, kugawa ndi 9 ndi 50. Ndiye ikani lula pa mayeso achisanu, pa 50. Chatsala n'kudziwa kuti lula ipendekeke motani.

Powerengera, mayeso aliwonse mumawachulukitsa ndi mtunda wake kuchokera pakati paja. Achisanu ndi chimodzi mumachulukitsa ndi 1, otsatira ndi 2, kenako 3, omaliza ndi 4: 58, 92, 186 ndi 208, zonse pamodzi 544. Kumanzere chimodzimodzi, kubwerera m'mbuyo: 50, 78, 165 ndi 164, zonse pamodzi 457. Kumanja kwaposa kumanzere ndi 87. Mugawe 87 ndi 60, mupeza 1.45. Ndiye kuti mzere ukukwera ndi malikisi pafupifupi limodzi ndi theka pa mayeso aliwonse. Ukuyambira pa 44 mu Okutobala n'kukathera pa 56 mu Julayi.

TateWaAwiri
60 ameneyo wachokera kuti, akulu?

Chiwerengero47
Mitunda ija mumaichulukitsa yokha: 1, 4, 9 ndi 16, zimapanga 30. Mbali ziwiri ndi 60. Amagwira pokhapokha mayeso ali 9, akachuluka kapena kuchepa nambalayo imasintha. Ngati muli ndi Excel kapena Google Sheets musavutike. Ikani 1 mpaka 9 mu A2 mpaka A10, malikisi mu B2 mpaka B10, mulembe:

```
=SLOPE(B2:B10,A2:A10)
```

Ikupatsani 1.45 yemweyo. Mukafuna kuuona mzerewo mu Excel, sankhani galafu ya Scatter, dinani kadontho kamodzi ndi batani lakumanja, musankhe Add Trendline.

Mjomba_Fasti
Ndiye nkhani yatha, amayi apambana! Ndipo tawerengerani: akapitiriza choncho mayeso ena 9, pofika JCE akhala pa 69. Bambo, lipirani patitaimu mtima uli m'malo.

Chiwerengero47
Mjomba, mwathamanga. Kuwerengera kwanu kwa 69 n'kolondola, koma mzere sulonjeza zimenezo. Ndinali ndisanamalize.

Mzere uliwonse umajambulika, ngakhale pa manambala otola mwachisawawa. Funso lachiwiri, limene anthu ambiri amalidumpha, ndi lakuti timadontho tatalikirana bwanji ndi mzerewo. Pa mwana uyu, mu Novembala mzere uli pa 46 koma iye anapeza 55, wadutsa ndi 9. Mu Disembala mzere uli pa 47, iye 39, wapelewera ndi 8. Mu Meyi wapelewera ndi 7, mu Juni wadutsa ndi 8. Mu Excel muli njira yoyezera kumwazikana kumeneku:

```
=STEYX(B2:B10,A2:A10)
```

Ikubwera pafupifupi 7. Tsono yerekezani: chaka chonse mzere wakwera ndi 12, pamene mayeso amodzi okha akhoza kusempha mzere ndi 7 kumwamba kapena kunsi. Kukwerako kulipo, koma sikunapose phokoso la kumwazikanaku mokwanira kuti munthu alumbirepo.

Njira yosavuta yoonera zimenezi ndi kubisa kadontho kamodzi ndi chala. Mukachotsa 62 wa Juni, kupendekeka kumatsika kufika pa 0.9. Mukamubwezera n'kuchotsa 55 wa Novembala, kumakwera kufika pa 2.1. Yankho likusintha kuwirikiza kawiri malinga ndi mayeso amodzi amene mwachotsa. Ine ndinganene kuti mwana sakutsika, ndipo mwina akukwera. Kupitirira apo manambalawa sakundilola.

Chinanso chimene mzerewu ukukuuzani, bambo: 52 wa Julayi wangopelewera ndi 4 pa mzere. Ameneyo si kugwa. Amene anali wachilendo ndi 62 uja.

Mjomba_Fasti
Aaa, anthu a masamu inu. Munthu wafunsa inde kapena ayi, mukumupatsa mwina.

MayiWaMapasa
Pepani ndalowa mochedwa. Ine galafu imene ndimaidziwa ndi ya kusikelo ija, ya m'buku la kuchipatala. Mwana akamakwera bwino mzere umaloza kumwamba, ukagona mwezi umodzi kapena iwiri alangizi a zaumoyo amakufunsa zimene akudya. Si zomwezo izi? Nanga bwanji kusikelo sakayikira, koma kuno mukuti mwina mwina?

Mphunzitsi_Wopuma
Amayi, funso lanu ndiye lagunda pamene pali nkhani. Ndinaphunzitsa masamu kusekondale mpaka kupuma, ndiye mundilole ndichulukeko mawu.

Kusikelo mwezi uliwonse amayeza chinthu chimodzi, kulemera, ndipo kilogalamu ya mu Okutobala ndi yomweyo ya mu Julayi. Mayeso a m'kalasi sali choncho. Mwezi uno ndifunsa mutu umene ndangophunzitsa, mwina wa manambala, mwezi wamawa ndifunsa alijebura, kenako jometiri. Mwana akhoza kukhala katswiri kwina, kwina n'kumavutika. Komanso pepala limene ndalemba ndili ndi nthawi silifanana ndi limene ndalemba usiku mothamanga. Nthawi zina ndinkafewetsa dala ana akakhala kuti agwa mphwayi, nthawi zina ndinkalimbitsa kuti adzuke. Mayeso otsekera teremu amatenga mitu yonse, pamene apakati amatenga mutu umodzi kapena iwiri. Zili ngati mwana mukumuyeza mwezi uno pa sikelo ya kuchipatala, mwezi wamawa pa sikelo ya mavenda ogula soya, kenako pa ya m'butchala. Mzere mujambula ndithu, koma mbali ina ukuyeza masikelowo, osati mwana.

Ndiye 50 wa mu Julayi akhoza kukhala wolemera kuposa 50 wa mu Okutobala, chifukwa zophunzira zalimba. Mwana amene wakhala pa 50 chaka chonse sanaime, waphunzira zatsopano zonse pa mlingo womwewo. Makolo ambiri izi sazimvetsa, ankabwera kudzandikalipira kuti mwana sakusintha.

Chimene mungachite, bambo, n'kupita kwa aphunzitsi ake a masamu mukapemphe avereji ya kalasi pa mayeso onse 9. Ali ndi buku la malikisi, ngati sanawerengere mutha kuwerengera limodzi osaona mayina a ana ena. Pepala likalimba kalasi yonse imatsika, likafewa yonse imakwera. Mukachotsera avereji ya kalasi pa malikisi a mwana wanu, mwachotsa mbali yaikulu ya vuto la sikelo lija. Mzere wanu mujambule pa zotsalazo.

Kabaza_wa_pa_Ntcheu
Zonsezi za chiyani? Pa lipoti pamalembedwa nambala imene mwana wakhala m'kalasi. Ife kale tinkangoona imeneyo.

NaPhiriWaKuDedza
Nambala ya pa lipoti imakhala ya maphunziro onse pamodzi, achimwene, pamene bambowa akufunsa za masamu okha. Komanso pakati pa kalasi ana amakhala atathithikana. Wanga anatsika ndi malikisi ochepa chabe n'kudutsidwa ndi anzake khumi, bambo ake anakana kudya nsima tsiku limenelo kkkk.

Gogo_wa_ku_Area25
Masiku athu ankaitana nambala pabwalo tsiku lotsekera, makolo ali pomwepo. Woyamba ankamuimbira nthungululu, wotsiriza ankathawira kuseri kwa chimbudzi. Ana ankalimbikira. Masiku ano mwati galafu.

MayiWaMapasa
Agogo, ine ndinali mmodzi wa othawira kuseri aja. Sizinandilimbikitse chilichonse.

Dalaivala_wa_Joni
Ine nkhani yanga ndi yosiyana pang'ono koma mundithandize pomwepa. Mnyamata wanga ali Fomu 3, ine ndimakhala pamsewu ndiye malikisi amanditumizira pa foni. Ndinawaika mu Google Sheets monga mukunenera, mzere unatuluka woloza pansi, ndinamuimbira n'kumukalipira koopsa. Kenako mayi ake anandikumbutsa kuti mu Juni anagonekedwa ndi malungo, mayeso sanalembe, kusukulu anangomulembera 0. Ndiye 0 ameneyu ndimuchotse kapena ndi kubera?

Chiwerengero47
Mchotseni. 0 ameneyo sakunena kuti mwana sadziwa kanthu, akunena kuti panalibe muyeso. Taonani mmene amawonongera pa manambala a bambo anzathuwa: 46 wa Meyi titamusandutsa 0, kupendekeka kumachoka pa 1.45 kufika pansi pa ziro pang'ono. Kadontho kamodzi kafafaniza chaka chonse, makamaka chifukwa kali chakumapeto, komwe kadontho kamakhala ndi mphamvu yokoka mzere kuposa ka pakati. Fufutani nambala ya mayesowo ndi 0 wakeyo mu Google Sheets, koma manambala a mayeso enawo muwasiye mmene alili, kuti mpata uoneke kuti unalipo.

Kubera kumayamba pamene mukuchotsa mayeso amene mwana analemba ali bwinobwino chifukwa choti malikisi sanakusangalatseni. Chifukwa chochotsera chizikhala chimene mukanachivomera musanaone malikisi.

Dalaivala_wa_Joni
Ndamva. Ndimuimbira usiku uno ndimupepese. Kwinanso ndinaika 17 wa mayeso a pa 20 osamusintha kupita pa 100, ndangoona pano.

Mphunzitsi_Wopuma
17 pa 20 ndi 85, a dalaivala, mwanayo mwamulakwira kawiri. Koma samalaninso ndi timayeso ta pa 20 timeneti. Malikisi amodzi pamenepo ndi 5 pa 100, ndiye mwana akaphonya mafunso awiri chabe amaoneka ngati wagwa kwambiri. Ine sindingatisakanize ndi mayeso otsekera teremu pa mzere umodzi. A TateWaAwiri, anu aja onse anali a pa 100?

TateWaAwiri
Apakati anali a pa 50, ndinachulukitsa ndi 2, kupatula angapo amene aphunzitsi analemba okha pa 100. Otsekera ndi a pa 100. Mawa ndipita kunyumba kwa aphunzitsi, amakhala pafupi ndi chigayo.

Koma chinthu chimodzi ndachiona ndekha. Nthawi iliyonse akatsika ndimamukhazika pansi n'kumulankhula mwamphamvu, ndipo mayeso otsatira amakwera. Atapeza 41 ndinakalipa, anapeza 55. Atapeza 39 ndinakalipa, 50. Atapeza 46, 62. Koma ndikamuyamikira amatayirira. Izi mzere sukuzionetsa.

Kabaza_wa_pa_Ntcheu
Mwaona? Ndimanena ine. Mwana safuna kumunyengerera.

Chiwerengero47
Bambo, zimenezo zikanachitika ngakhale mukanakhala chete. Mwana amene mphamvu zake zili chapakati pa 45 ndi 55, akapeza 39 ndiye kuti tsikulo zinthu zingapo zinamuipira pamodzi: pepala lolimba, mutu umene saukonda, mwina sanagone bwino. Si kawirikawiri kuti zonsezo zibwerenso mayeso otsatira, ndiye amabwerera chapakati. Akapeza 62 zinamuyendera zonse, ndipo ulendo wotsatira amabwereranso chapakati. Inu mumakalipa akakhala pansi, mumayamikira akakhala pamwamba, ndiye nthawi zonse ziziwoneka ngati kukalipa kumagwira ntchito ndipo kuyamikira kumawononga. Kwa alimi timaona zomwezo: munda umene wakolola moipitsitsa chaka chino nthawi zambiri umachitako bwino chaka chamawa, ndipo mankhwala alionse amene mwini wake anathira amatamandidwa.

Kabaza_wa_pa_Ntcheu
Zimenezo ndi za m'mabuku. Ine ndalera ana anayi.

Mjomba_Fasti
Funso lina: mayesowa sanatalikirane mofanana. Pakati pa Disembala ndi Febuluwale padutsa miyezi iwiri, koma inu mwalemba 3 kenako 4. Si kulakwitsa kumeneko?

Chiwerengero47
Apa mwagwira mfundo, mjomba. Choyenera n'kuika miyezi kapena masabata enieni m'munsimo. Ndayesa ndi miyezi, kudumpha Januwale: mzere ukukwera 1.3 pa mwezi, ndipo kuchokera Okutobala kufika Julayi ndi malikisi 11 ndi theka, pafupifupi zomwe zija. Pano sizinasinthe kanthu chifukwa mpata ndi umodzi waung'ono. Zikanasintha mayeso asanu akanathithikana mu teremu imodzi, ena n'kumwazikana.

TateWaAwiri
Ndabwerako kwa aphunzitsi. Poyamba anadabwa, ankaganiza kuti ndabwera kudzadandaula, koma nditafotokoza anatulutsa buku. Avereji ya kalasi motsatira mayeso aja: 46, 54, 45, 51, 49, 55, 46, 56, 48.

NaPhiriWaKuDedza
Taonani a Kabaza! Kalasi yonse ikukwera ndi kutsika miyezi yomweyo imene mwanayu akukwera ndi kutsika. Kapena bambowa amakakalipira kalasi yonse?

Kabaza_wa_pa_Ntcheu
Kkkk chabwino, apo mwandipeza.

Chiwerengero47
Tsopano tili ndi chogwira. Kuchotsera avereji ya kalasi pa malikisi a mwana kukutipatsa izi.

Teremu yoyamba: -5, +1, -6.
Teremu yachiwiri: -1, -2, +3.
Teremu yachitatu: 0, +6, +4.

Ngakhale osajambula mukhoza kuona. Teremu yoyamba anali pansi pa anzake ndi malikisi opitirira pang'ono 3, yachiwiri anafanana nawo ndendende, yachitatu wawaposa ndi malikisi opitirira pang'ono 3. Mzere wa manambala amenewa ukukwera 1.1 pa mayeso aliwonse. Ndi wogona pang'ono kuposa woyamba uja, chifukwa kalasi nayo inakwerako pang'ono ndipo mbali imeneyo taichotsa. Koma kumwazikana kwatsika kuchoka pa 7 kufika pansi pa 3. Ndiye kukwera kwa malikisi pafupifupi 9 pa chaka, phokoso lili 3, ndi nkhani ina kusiyana ndi kukwera kwa 12 phokoso lili 7. Uwu ndiye mzere umene ndingaukhulupirire.

Onaninso manambala awiri amene munkakangana nawo aja. 55 wa Novembala anali pa pepala lofewa, kalasi inapeza 54, mwana anangoposa ndi 1. 52 wa Julayi anali pa pepala limene kalasi inapeza 48, waposa ndi 4. Ndiye 52 ameneyu ndi wamkulu kuposa 55 uja. Ndipo kugwa kwa malikisi 10 kuchokera mu Juni, 8 mwa iwo inagwa kalasi yonse.

MayiWaMapasa
Bambo, kagulireni amayi chitenje.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndikuvomereza kuti mwana wasuntha, koma a Chiwerengero47 musatseke buku msanga. Avereji ya kalasi nayo si sikelo yokhazikika. Kalasi ya Fomu 1 imene imayamba mu Seputembala si yomwe imatsekera mu Julayi. Ena amasiya chifukwa cha fizi, ena amasamutsidwa, ena amabwera pakati pa chaka. Akachoka ana anzeru angapo kupita kusukulu zogonera komweko, avereji imatsika ndipo wanu amaoneka ngati wakwera asanasinthe chilichonse. Akachoka ofooka, zimakhala mosemphana, mwana wakwera kuposa mmene tikuonera. Bambo, munafunsa kuti analemba ndi angati mayeso oyamba ndi omaliza?

Chachiwiri, mzere umenewu ukunena kuti akudutsa anzake a m'kalasi mwake. Sukunena kuti kalasiyo ili pati poyerekeza ndi zimene a MANEB adzafunse. Mwana akhoza kukhala patsogolo m'kalasi imene yatsalira mitu itatu pa silabasi.

TateWaAwiri
Chiwerengero cha ana sindinafunse, aphunzitsi. Ndikudziwa kuti mnzake wina wapamtima anasamukira ku Lilongwe mu Epulo, ndipo ameneyo masamu ankawatha. Koma ndi mmodzi pa kalasi yaikulu.

Chiwerengero47
Mmodzi pa kalasi yaikulu sangasunthe avereji ngakhale ndi malikisi amodzi, pokhapokha atachoka ambiri. Koma aphunzitsi akunena zoona, funsani. Ngati n'kotheka avereji iwerengedwe pa ana okhawo amene analemba chaka chonse.

Mjomba_Fasti
Ndiye tsopano tinene kuti patitaimu yagwira ntchito. Anayamba mu Januwale, ndipo kuyambira pamenepo wakwera. Kapena apanso mutiuza mwina?

Chiwerengero47
Apanso mwina, mjomba, pepani. Mzere ukuonetsa kuti wakwera, sukuonetsa chimene chamukweza.

Mphunzitsi_Wopuma
Ana ambiri teremu yoyamba ya Fomu 1 amakhala osokonezeka: sukulu yatsopano, mphunzitsi wosiyana pa phunziro lililonse, ena ulendo wautali m'mawa. Ena amazolowera msanga, ena mochedwa. Wochedwa kuzolowera amayamba pansi pa anzake n'kuwapeza mu teremu yachiwiri popanda patitaimu iliyonse. Ndinawaona ambiri otere. Chimene chikundikokera ku mbali ya patitaimu pang'ono n'chakuti sanangowapeza anzakewo n'kuima, wapitirira mu teremu yachitatu. Koma funsani chinthu chimodzi, ndipo musakhumudwe: wa patitaimuyo si yemwe amalemba ndi kuchonga mayeso a kusukuluwa?

TateWaAwiri
Ayi, ndi wina, amaphunzitsa kusukulu ina.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndiye bwino. Akanakhala yemweyo ndikanati mzere wonsewo tiutaye, chifukwa mwana akhoza kumaona mafunso ofanana ndi a mayeso Loweruka lapitalo.

NaPhiriWaKuDedza
Ine ndikanakhala inu ndikanamusiyitsa teremu imodzi ndione ngati atsike. Ndiye mudziwa zenizeni.

MayiWaMapasa
Chaka cha JCE kuyesera pa mwana? Ayi achemwali, ine zimenezo sindingachite.

Chiwerengero47
Komanso teremu imodzi ndi mayeso atatu okha. Ndi phokoso la malikisi 3, kusintha kwakung'ono sikungaoneke bwinobwino, mwana n'kukhala atataya miyezi itatu pachabe.

Dalaivala_wa_Joni
Bwanji osangomupatsa pepala lakale la JCE lomwelo mwezi uliwonse? Sikelo ikhala imodzi monga amanenera amayi aja.

Mphunzitsi_Wopuma
Lomwelomwelo aloweza mayankho pofika ulendo wachitatu, mzere udzakwera mokongola koma udzakhala ukuyeza kuloweza. Mukasinthasintha mapepala a zaka zosiyana, nawonso salimba mofanana ndendende, ngakhale amayandikana kuposa mayeso a m'kalasi. Chimene ndinkachita ine ndi ichi: pepala limodzi kumayambiriro kwa Fomu 2, osamuonetsa mayankho, osamusiyira pepalalo, n'kulibweretsanso patapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, nthawi yolembera yofanana. Ulendo woyamba adzapeza zochepa chifukwa mitu ina sanaphunzire, musadzakalipe. Ndipo musamangolemba malikisi onse pamodzi, muzilemba funso ndi funso. Pamenepo ndi pamene mudzaone ngati alijebura ikusuntha pamene jometiri yaima, zimene mzere umodzi sungakuuzeni.

Mjomba_Fasti
Ine 69 wanga uja ndikumusungabe. Tidzakumane Julayi wamawa.

TateWaAwiri
Ndawaonetsa mayi ake manambala a kuchotsera aja, angoseka osayankha. Patitaimu tipitiriza teremu yoyamba, mu Disembala ndidzawonjezera timadontho titatu tione. Mwana mwini wake atauona mzerewo wati mu Disembala muja anapeza 39 chifukwa funso lomaliza linali kuseri kwa pepala ndipo sanaliwone. A Chiwerengero47, ameneyu ndimuchotse kapena akhale?

Chiwerengero47
Akhale, analemba ali bwinobwino. Koma funsolo linali la malikisi angati?

TateWaAwiri
Wagona, ndimufunsa mawa. Pepalalo ndili nalo penapake m'chikwama.